Kalata yoitanitsa simenti, mchenga ndi miyala ku hadiweya: a folomani, lembani chonchi

Funso ili landifika kambirimbiri, makamaka kuchokera kwa anyamata amene angopatsidwa kumene saiti kuti ayang'anire: "Akulu, a bosi akuti ndilembe kalata ku hadiweya, nanga ndilembemo chani?" Ena amabwera zitavuta kale, tipa yatsitsa mchenga wadothi pageti ndipo dalaivala wapita, kapena simenti yatha silabu ili pakati. Ndiye ndati ndilembe kamodzi, amene afunsenso ndingomupatsa izi.

Nkhani yake ndi imodzi chabe. Kalata iyi ntchito yake ndi yoti tsiku limene motoka yafika pa saiti, inu ndi dalaivala mukhale ndi pepala limodzi loti muloze. Chilichonse chimene simunalembe, ogulitsa adzasankha okha, ndipo adzasankha chimene chili chapafupi kwa iwo. Sikuti ndi anthu oipa ayi, koma simunanene.

Ndigwiritsa ntchito chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto: silabu ya nyumba ya mamita 10 mulitali ndi mamita 8 mulifupi, kunenepa kwake masentimita 10, pa puloti ya ku Chipata konkuno, ndipo tikufuna kuthira konkire Lachisanu.

1. Yambani mwadziwa tsiku lothira ndi amene alipire

Musanagwire bolopeni, zinthu ziwiri zikhale zotsimikizika. Choyamba ndi tsiku lothira konkire, chifukwa madeti onse a mukalata amawerengedwa chobwerera m'mbuyo kuchokera pa tsiku limeneli. Chachiwiri, mwini nyumba wavomera ndipo ndalama zilipo. Folomani ndiye amalemba, koma nthawi zambiri si iye amalipira, ndiye ngati mwaitanitsa m'dzina lanu popanda mawu a mwini ntchito, ngongole idzatsata inu. Tengani kotesheni kaye, ndiye kuti pepala la mitengo lochokera ku shopu, muwaonetse a bosi, avomere, kenako kalata.

2. Werengerani katundu, osangoyerekeza ndi maso

Apa ndi pamene ambiri amadumpha, amangofunsa bilida kuti "zingakwane zingati" iye n'kunena nambala ya m'mutu. Tiyeni tikhalepo pang'ono.

Konkire timayeza m'makiyubiki. Kiyubiki imodzi ndi bokosi la mita imodzi mulitali, mita imodzi mulifupi, mita imodzi kuya. Silabu yathu ija timachulukitsa mbali zitatu zonse, koma zonse zikhale m'mamita, ndiye masentimita 10 timalemba 0.1:

```
10 x 8 x 0.1 = 8
```

Makiyubiki 8 a konkire. Cholakwika chofala kwambiri chili pompano: munthu amaganiza kuti akaphatikiza simenti, mchenga ndi miyala zokwana makiyubiki 8, apeza konkire ya makiyubiki 8. Sizitero. Mchenga umalowa m'mipata ya miyala, simenti imalowa m'mipata ya mchenga, madzi akalowa zonse zimakhazikika n'kuchepa. Kuti mupeze kiyubiki imodzi ya konkire yothiridwa pamafunika katundu wouma pafupifupi kiyubiki imodzi ndi hafu, owerengera amagwiritsa ntchito 1.54.

Miksi ya silabu ya nyumba wamba ambiri timatenga 1:2:4, kutanthauza gawo limodzi simenti, magawo awiri mchenga, magawo anayi miyala. Ngati pulani yanu kapena injiniya wanena miksi ina, tsatirani imeneyo, osati yanga. Pa 1:2:4 simukufunika kuvutika ndi masamu ataliatali, sungani manambala atatu awa m'foni. Kiyubiki imodzi ya konkire imadya pafupifupi mapoketi 6.3 a simenti, mchenga makiyubiki 0.44, ndi miyala makiyubiki 0.88. Poketi ndi thumba lija la makilo 50, kuno ndi mmene timatchulira.

Manje musathamangire kuchulukitsa ndi 8. Pansi pamene mwathira gelevulo n'kusinja sipakhala levulo ngati tebulo, pena pamalowa. Tangoonani izi: silabu yathu ndi masikweya mita 80, ndiye ikangonenepa ndi sentimita imodzi yokha paliponse, kuchoka pa 10 kufika 11, konkire yaonjezeka ndi makiyubiki 0.8, amene ndi mapoketi 5 athunthu. Sentimita imodzi chabe, imene ndi maso simungaione. Onjezani zotayika posakaniza, zotsalira pansi pa mulu, zogwa pa wilibala. N'chifukwa chake timaika 10 peresenti pamwamba, ndipo 8 uja amakhala 8.8.

```
simenti:  8.8 x 6.3  = 55.4
mchenga:  8.8 x 0.44 = 3.9
miyala:   8.8 x 0.88 = 7.7
```

Timakweza m'mwamba nthawi zonse, ndiye mukalata mulowa mapoketi 56, mchenga makiyubiki 4, miyala makiyubiki 8. Ine ndimakonda kukoka twaini pamwamba pa shatala, matabwa aja otchingira konkire m'mbali, n'kuyeza kuya ndi tepi malo angapo, pakati ndi m'makona, ndisanalembe nambala. Mukapeza kuti malo ambiri akuwerenga 12, werengerani ndi 0.12, kapena uzani anyamata aonjeze gelevulo asinjenso, chifukwa gelevulo ndi yotchipa kuposa konkire.

Chinanso, ngati m'mphepete mwa silabu muli bimu yonenepa kapena muli masitepe ndi khonde, ziwerengereni padera n'kuphatikiza. Khonde limaiwalika kawirikawiri.

Mutha kutsimikiza masamu anu ndi wilibala. Wilibala ya mabilida yodzaza levulo imatenga pafupifupi malita 65, ndipo mapoketi awiri a simenti amadzaza wilibala imodzi. Ndiye 1:2:4 pa saiti ndi poketi imodzi, wilibala imodzi ya mchenga, mawilibala awiri a miyala. Mapoketi 56 akufuna mawilibala 56 a mchenga ndi 112 a miyala. Bilida akamati poketi imodzi mawilibala atatu a mchenga, dziwani kuti imeneyo si 1:2:4, ndipo simenti ikatsala yambiri pamapeto musasangalale, silabuyo yanyimwa.

3. Mawu oti "thilipi" asalowe okha mukalata

Ili ndiye gawo lovuta, ndipo ndi limene ndimalimbikira kwambiri chifukwa ndalama za anthu zimathera apa. Ife tawerengera m'makiyubiki, koma kumsika mchenga ndi miyala sagulitsa choncho. Mukafunsa amakuuzani mtengo wa thilipi, kapena amati "tipa ya matani 10", "Kanta imodzi". Thilipi si muyezo, ndi ulendo umodzi wa motoka, ndipo motoka zimasiyana.

Tengani tepi mupite pamene motoka imene idzabweretse katundu yaima, muyeze bodi yake mkati: kutalika, kufupika, ndi kuya kwa mabodi a m'mbali. Tinene kuti Kanta yaing'ono yapezeka mamita 3 ndi 1.7 ndi 0.4, imeneyo ndi makiyubiki 2 basi. Tipa ina yapezeka mamita 4 ndi 2.2 ndi 0.5, imeneyo ndi makiyubiki 4.4. Onse awiri akuuzani kuti "thilipi imodzi", koma winayo akubweretsa kuposa kawiri ka mnzake. Pa silabu yathu, ndi tipa ya 4.4 ija tikufuna mathilipi awiri a miyala ndi imodzi ya mchenga. Ndi Kanta ija tikufuna anayi a miyala ndi awiri a mchenga. Munthu amene analemba kuti "miyala mathilipi awiri" osatchula motoka, n'kubwera Kanta, ali ndi hafu ya miyala imene akufuna, ndipo adzazindikira Lachisanu masana anthu ali ndi mafosholo m'manja.

Ndiye mukalata lembani makiyubiki poyamba, kenako mathilipi ndi kukula kwa motoka. Ndipo tchulani kuti idzaze levulo ndi mabodi. Izi n'zofunika chifukwa opakira amaunjika pakati, mulu n'kuoneka wautali ngati mzere wa mbatata, koma m'makona muli mphako. Pa tipa ya mamita 4 ndi 2.2 ija, katundu akatsika ndi masentimita 10 chabe pansi pa mabodi, mwataya makiyubiki pafupifupi 0.9, amene ndi mawilibala oposa 13, gawo limodzi mwa magawo asanu a thilipi yonse. Pa mathilipi atatu mwalipira zambiri zimene simunalandire.

Ngati ogulitsa amawerengera matani, makamaka miyala yochokera ku kwale kumene kuli sikelo, sinthani chonchi: kiyubiki imodzi ya miyala imalemera pafupifupi tani imodzi ndi hafu, ya mchenga pafupifupi matani 1.6. Miyala yathu ya makiyubiki 8 ndi matani 12, mchenga wa makiyubiki 4 ndi pafupifupi matani 6 ndi hafu. Koma chenjerani ndi mawu oti "tipa ya matani 10". Limenelo ndi dzina la motoka, kunena mphamvu yake, silikunena zimene apakira tsiku limenelo. Ngati mwagwirizana matani, pemphani kapepala ka pa sikelo kabwere ndi dalaivala. Kulibe sikelo, bwererani ku tepi.

Pali kanthu kena ka mchenga kamene anthu ambiri sadziwa. Mchenga wachinyontho umafufuma, umatenga malo ambiri kuposa wouma, nthawi zina mpaka gawo limodzi mwa magawo anayi. Ndiye nthawi ya mvula, kapena ngati aukumba kumene mumtsinje, tipa yodzaza bwinobwino imakhala ndi mchenga wochepa kuposa mmene ikuonekera. Mu Okutobala kouma makiyubiki 4 akwana, koma mu Januwale ine ndingalembe 5.

4. Tchulani mtundu wa chinthu chilichonse

Simenti: lembani nambala ya pa thumba. Kuno timapeza kwambiri 32.5 ndi 42.5, nambalayo ikunena mphamvu yake, ndipo 42.5 ndi yamphamvu komanso yodula. Pa silabu ya pansi ya nyumba wamba 32.5 imagwira ntchito, koma ngati pulani yanena 42.5, monga pa mapilala kapena silabu ya m'mwamba, musatsike. Tchulaninso kampani imene mukufuna, kaya Chilanga, Dangote kapena Sinoma, ndipo nenani kuti asasinthe osakufunsani. Simenti imachokera kutali, ku Lusaka ndi ku Copperbelt, kudzera Great East Road, ndipo kuchoka ku Lusaka kufika ku Chipata ndi makilomita oposa 500, ndiye zimachitika kuti imene munagwirizana yatha ndipo thiraki ikadali m'njira. Ndi bwino akuimbireni musankhe nokha, kusiyana ndi kulandira mitundu iwiri yosakaniza pa silabu imodzi.

Mchenga: osangolemba kuti mchenga. Wa konkire ndi wa kumtsinje, uja timati riva sandi, wokhakhala m'manja. Bildingi sandi ndi wofewa, wa matope omangira mabuloko ndi pulasitala, uli ndi fumbi lambiri, ndipo mukauika mu konkire umafuna madzi ambiri, silabu n'kuchita ming'alu ndi kusefuka fumbi pamwamba. Lembani kuti wa kumtsinje, wopanda dothi, mizu ndi zinyalala.

Miyala: lembani kukula kwake. Pa silabu ya masentimita 10 tengani ya mamilimita 20, ena amati 19, ndi imodzimodzi. Nenaninso ngati mukufuna ya ku kwale yophwanyidwa ndi makina kapena yophwanya ndi manja imene timaiona m'mbali mwa msewu. Yamanja ndi yotchipa ndipo yambiri ndi yolimba bwino, vuto lake ndi kukula kosiyanasiyana, mumapezeka ikuluikulu imene pa silabu yopyapyala imatuluka pamwamba n'kuvutitsa posalaza. Ngati mwasankha yamanja, pitani mukaione nokha mulu wake.

Dziwaninso kuti mahadiweya ambiri alibe mchenga ndi miyala pa yadi, amangoimbira a matipa amene amagwira nawo ntchito. Si vuto, koma kalata inene kuti katundu akalakwika mudzabwerera ku shopu, osati kukasaka dalaivala.

5. Madeti: chilichonse tsiku lake

Musaitanitse zonse tsiku limodzi. Miyala ndi mchenga sizionongeka, zibwere msanga, kuti ngati zachepa kapena mwazikana pakhale nthawi yokonza. Simenti ibwere komaliza, tsiku limodzi kapena awiri musanathire, chifukwa imakoka chinyontho ndiponso pa saiti yopanda sitolo yokhoma mapoketi amasowa usiku. Pa chitsanzo chathu, miyala Lolemba, mchenga Lachiwiri, Lachitatu lopanda kanthu dala, simenti Lachinayi, kuthira Lachisanu.

Lembani dzina la tsiku, deti ndi nthawi. "Sabata ya mawa" si deti, "m'mawa" si nthawi. Lembani kuti isanakwane 10:00, chifukwa motoka yofika kutada simungayeze bwino ndipo otsitsa amakhala ataweruka. Onani kalendala: pa 18 Okutobala ndi pa 24 Okutobala ndi maholide kuno, ndipo mashopu ena ku Down Shops amatseka kanthawi Lachisanu masana eni ake akapita kukapemphera. Nthawi ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, onjezani masiku, misewu ya kumene amakumba mchenga imaterera ndipo mitsinje ikadzaza mchengawo sapakira n'komwe.

6. Njira, potsitsira, ndi wolandira

Mapuloti atsopano ambiri alibe dzina la msewu, ndiye nambala ya puloti yokha siithandiza dalaivala. Fotokozani kuchokera pa msewu waukulu, tchulani chizindikiro chimene sichisuntha monga tchalitchi, sukulu kapena mjigo, kenako tumizani lokesheni pa WhatsApp. Yendani njirayo nokha mukuganiza za tipa yolemera: pali kamlatho kofooka, pokhota popanikiza, dambo? Onaninso mawaya a magetsi pamwamba pa potsitsira, chifukwa tipa ikakweza bodi imatalika kwambiri. Lambulani malo awiri olimba otalikirana, mchenga kwake miyala kwake, pafupi ndi posakanizira. Ndipo tchulani munthu mmodzi wololedwa kusainira. Nenaninso za otsitsa simenti, mapoketi 56 ndi matani 2.8, wina ayenera kuwanyamula ndipo adzafuna ndalama, ndiye zidziwike kuti ndi za ndani.

7. Kalata yake ndi iyi

Mutha kuilemba m'Chingelezi ngati shopu ikufuna choncho, mafupa ake ndi omwewa. Sinthani manambala akhale anu.

Kuchokera kwa: Folomani, saiti ya nyumba pa puloti nambala (lembani), dera (lembani), Chipata

Kupita kwa: A Manijala, (dzina la hadiweya), Chipata

Lolemba, 6 Okutobala 2025

A Manijala,

KUITANITSA SIMENTI, MCHENGA NDI MIYALA

Potsatira kotesheni yanu nambala (lembani) ya pa 3 Okutobala 2025, ndikuitanitsa katundu uyu m'malo mwa mwini nyumba, (dzina), amene wavomereza ndipo wasaina pansipa.

Choyamba, miyala ya ku kwale ya mamilimita 20, makiyubiki 8, ndiye kuti mathilipi awiri a tipa ya makiyubiki 4.4 imene tinayeza, yodzaza levulo ndi mabodi. Ifike Lolemba pa 13 Okutobala 2025 isanakwane 10:00.

Chachiwiri, mchenga wa kumtsinje wa konkire, wopanda dothi ndi mizu, makiyubiki osachepera 4, thilipi imodzi ya tipa yomweyo yodzaza levulo. Ufike Lachiwiri pa 14 Okutobala 2025 isanakwane 10:00.

Chachitatu, simenti ya (kampani) 32.5, mapoketi 56 a makilo 50, osang'ambika ndi opanda mibulu. Ifike Lachinayi pa 16 Okutobala 2025 isanakwane 10:00. Ngati mtundu umenewu palibe, mundiimbire musanatumize wina.

Tikuthira konkire Lachisanu pa 17 Okutobala, choncho ngati pali deti imene simungakwanitse, mundidziwitse pofika Lachitatu pa 8 Okutobala.

Mtengo wonse ndi K(lembani) monga mwa kotesheni, kuphatikizapo thiransipoti ndi kutsitsa. Mwini nyumba alipira hafu lero ku shopu, hafu inayo katundu yense akafika ndi kusainiridwa. Tikupempha lisiti pa malipiro alionse.

Motoka iliyonse ibwere ndi delivale noti, ndipo tidzayeza isanatsitse. Katundu wosagwirizana ndi kalatayi adzabwezedwa, ndipo ulendowo sitidzalipira. Wolandira ndi ine ndekha, nambala yanga ndi (lembani). Njira yake ndi iyi: (fotokozani).

Chonde sainani ndi kudinda kope imodzi mutibwezere.

Ine wanu,
(dzina ndi siginecha ya folomani)
(siginecha ya mwini nyumba)

Lembani makope awiri, imodzi itsale ku shopu, ina yodindidwa ikhale m'thumba mwanu pa saiti. Mukatumiza chithunzi chake pa foni, musakhutire ndi timizere tiwiri tabuluu, dikirani ayankhe ndi mawu kuti avomera madeti ndi mtengo. Mzere wa mtengo uja ndi wofunika chifukwa simenti imasintha mtengo pafupipafupi, ndipo kotesheni zambiri zimagwira masiku ochepa chabe. Polipira pa foni, tumizani ku nambala ya shopu imene yalembedwa pa kotesheni, osati ya dalaivala kapena ya mnyamata wa pa kauntala.

8. Motoka ikafika, yezani isanakweze bodi

Kalata yonse ija imagwira ntchito pa mphindi zimenezi. Tipa ikangokhuthula, kubweza kumavuta, palibe dalaivala amene adzapakirenso ndi fosholo. Ndiye muimitseni pageti mwaulemu, "a dalaivala, dikirani pang'ono tione", kwerani ndi fosholo ndi tepi, salazani mulu ufike m'makona, muone ngati ukufika pa mabodi. Onaninso ngati ndi motoka yomwe munayeza ija. Ikakhala ina, yezani bodi yake pomwepo n'kuchulukitsa.

Mchenga utengeni m'kati mwa mulu osati pamwamba, ufinyeni m'manja. Ukagwirana ngati chibumba n'kusiya manja ofiira, uli ndi dothi. Kuti mutsimikize, ikani mchenga m'botolo loonekera kufika masentimita 10, thirani madzi apitirire, khutchumulani kwambiri n'kuliika pansi. Mchenga umakhala pansi msanga, dothi limadikha pamwamba pake pang'onopang'ono, ndipo pakapita maola angapo mzere wake umaoneka bwino. Ukayandikira sentimita imodzi, mchengawo si wa konkire. Dalaivala sangadikire maola amenewo, n'chifukwa chake ndi bwino kupempha kachitsanzo ka mchenga masiku angapo m'mbuyo, muyese botolo lanu mosathamanga, tsiku lofika mungoyerekeza ndi manja.

Simenti werengani poketi ndi poketi pamene akutsitsa, sanjani mizere ya khumikhumi kuti kuwerenga kusavute. Gwirani thumba lililonse m'makona. Lolimba chifukwa chopanikizika limafewa mukaligubuduza, limenelo lili bwino, koma la mibulu yosaphwanyika ndi zala lalowa chinyontho, libwerere. Ngati pa thumba pali deti yopangira ioneni, simenti imene yakhala miyezi yoposa itatu imakhala itayamba kutaya mphamvu. Thumba looneka lopwapwala kapena losokedwanso liikeni pa sikelo. Sanjani pa matabwa osati pansi, osagunda khoma, osapitirira matumba khumi m'mwamba, n'kufunditsa pulasitiki.

Pa delivale noti lembani zimene mwalandira zenizeni musanasaine. Ngati afika mapoketi 54 abwino ndi awiri ong'ambika, lembani choncho, "talandira 54, awiri tabweza", dalaivala asaine pambali, jambulani pepalalo ndi nambala ya motoka, mutumize ku shopu ndi kwa mwini nyumba nthawi yomweyo motoka isanatuluke. Miyala ikaperewera ndi masentimita 10 lembaninso choncho ndi makiyubiki ake, ndipo uzani shopu kuti aonjeze pa thilipi yachiwiri kapena achotse pa hafu yotsala ija. Lachitatu lija tinalisiya lopanda kanthu ndi la zimenezi, zoperewera zifike tsiku limenelo, kuti Lachinayi madzulo muime pa saiti muwerenge miyala, mchenga, mapoketi 56 ndi madzi m'madiramu, kenako muuze anyamata nthawi yofika m'mawa.